20 peresenti ya chani? Funso lomwe timaiwala kufunsa ku banki m'khonde

Ndakhala mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde kwa zaka zinayi, ndipo mkangano waukulu womwe ndinauonapo pa mkeka paja sunali wa ndalama yobedwa ayi, bokosi lathu ndi la maloko atatu ndipo makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, palibe anatsegulapo payekha. Unali mkangano wa K50,000 yomwe wina aliyense anaona ikuwerengedwa, ikuperekedwa, ikusainidwa. Anthu awiri anagwirizana kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, onse sananame, koma patatha miyezi sikisi wina amati ngongole yafika K110,000 pomwe buku limati K149,300. Ndipo bukulo ndimalemba ndine.

Anatenga ndalamayo ndi mayi wina wa geni ya usipa, amakawoda kunyanja nkumadzagulitsa pamsika wathu wa Lachiwiri ndi Loweruka. Anali ndi masheya okwana K20,000 panthawiyo, ndiye poti lamulo lathu limati munthu atha kubwereka mpaka katatu ka masheya ake, K50,000 inali mkati mwa malire bwinobwino. Unali msonkhano woyamba wa Malichi. Mu Epulo mwana wawo anagonekedwa kuchipatala, mayiwo nkukhala komweko kudikirira matenda, mpamba uja nkuthera ku thiransipoti ndi mankhwala ogula ndi zakudya za pachipatala, mukudziwa nokha mmene zimathera. Anadzaonekeranso pagulu mu Seputembala atamanga ndalama pakansalu, atagulitsa mbuzi ndi matumba awiri a chimanga, ali ndi mtima woti lero ndithane nayo ngongoleyi.

Masamu awo anali osavuta ndipo anali olondola. 20 peresenti ya K50,000 ndi K10,000. Mwezi uliwonse K10,000. Miyezi sikisi ndi K60,000, kuphatikiza K50,000 yomwe anatenga, zonse K110,000. Anawerengera pa zala pamaso pa tonse, Epulo teni, Meyi teni, Juni teni, mpaka Seputembala. Izi ndi zomwe kusukulu ankati simpo intiresiti, koma ine pofotokozera anthu ndimakonda kunena za mbuzi chifukwa pa Chichewa timanena kale kuti ndalama yabereka. K50,000 ija ndi mbuzi yaikazi, ndi mayi. Mwezi uliwonse ikubereka mwana mmodzi wa K10,000. Anawo akungokhala m'khola, sakubereka. Pakatha miyezi sikisi muli ndi mayi ndi ana sikisi, basi.

Masamu a m'buku anali ena. Mmene ndinaphunzitsidwira ndi yemwe ndinamulowa mmalo, pamsonkhano wobweza ngongole umayang'ana balansi ya munthu, kuchotsa zomwe wabweza lero, zotsalazo nkuikapo 20 peresenti, nkulemba balansi yatsopano. Ndiye poti mayiwa samabwera, ine ndimangotenga nambala yomaliza nkuikapo 20 peresenti. Mu Epulo K50,000 inakhala K60,000, apa tonse tikugwirizana. Koma mu Meyi 20 peresenti sinawerengedwe pa K50,000, inawerengedwa pa K60,000, ndiye mmalo mwa K10,000 panabwera K12,000, balansi K72,000. Mu Juni 20 peresenti ya K72,000 ndi K14,400, balansi K86,400. Julayi K103,680. Ogasiti K124,416. Seputembala K149,299, ine nkulemba K149,300 poti makobidi a kwacha imodzi simungawapeze. Uyu ndiye kompaundi uja, ana a mbuzi aja akangotha mwezi umodzi m'khola nawonso ayamba kubereka, kenako zidzukulu nazonso.

Taonani mmene kusiyanaku kumakulira, chifukwa apa ndi pomwe anthu timapusitsika. Mwezi woyamba palibe kusiyana ngakhale tambala. Mwezi wachiwiri ndi K2,000 yokha, K72,000 mmalo mwa K70,000, munthu sungadandaule nkomwe. Mwezi wachitatu K6,400. Ndiye gulu litha kuyenda zaka osadziwa kuti muli masamu awiri m'mitu ya mamembala ake, chifukwa ambiri amabweza pasanathe miyezi itatu ndipo ka K2,000 kaja munthu amangoti mwina ndi fayini yochedwa pamsonkhano. Koma pa miyezi sikisi kusiyana kwafika K39,300. Akanati mayiwa asabwere mpaka Disembala nthawi yogawana, miyezi naini, masamu awo akanati K140,000 pomwe buku likanati pafupifupi K258,000. Pa ngongole ya K50,000, ndalama yoodera mabeseni ochepa a usipa.

Tsiku limenelo mayiwa anamasula kansalu kaja nkuyala ndalama pa mbale yomwe timaponyamo zobweza, owerenga ndalama awiri aja anawerenga nkunena mokweza kuti K110,000, ndipo ine ndinawerenga za m'buku. Kunangoti zii. Kenako iwo anati, "Alembi, tawerenganinso bwino, mwina mwasokoneza ndi tsamba la munthu wina." Ndinawerenganso. Anati, "Nanga paja munati 20 peresenti, inasintha liti? Ine ndili kuchipatala munakweza?" A msungichuma athu, mayi wachikulire woopa Mulungu amene sangadye ya munthu, anayankha kuti, "Amayi, palibe anakweza, ndi 20 yomweyo, koma ngongole ikagona imabereka." Ndipo onse awiri amanena zoona. Tinatsegula malamulo a gulu omwe tinalemba tokha kumapeto kwa kope, ndipo panangolembedwa kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, ngongole ibwezedwe pa miyezi itatu. 20 peresenti ya chani, ya ndalama yomwe unatenga kapena ya balansi, panalibe.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndakhala ndikuwanena m'magulu ena akandiitana kukathandiza kuwerengera masheya. Kuti ana abereke sikuba, ndipo mkati mwa miyezi itatu yomwe munagwirizana ndi chilungamo ndithu bola munthu wauzidwa manambala ake tsiku lotenga ndalama. Koma miyezi itatuyo ikadutsa, gulu lomwe likupitiriza kuunjika chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja lasiya kukhala banki m'khonde, layamba katapila pa membala wake yemwe, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi cholinga chimenecho.

Ndiyambe ndi mbali yomwe a msungichuma anali ndi mfundo, chifukwa anthu ena akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti kompaundi ndi nkhanza basi, ndipo sizoona. Ndalama ya banki m'khonde sigona m'bokosi, makamaka miyezi ya Malichi mpaka Julayi pomwe aliyense akufuna mpamba wogula mtedza, soya, chimanga chatsopano. Zomwe zabwezedwa lero zimatuluka lero lomwe, nthawi zina anthu amachita kulimbirana. Ndiye K10,000 yomwe mayiwa amayenera kubweretsa mu Epulo ikanapatsidwa kwa wina tsiku lomwelo, nkubereka K2,000 mu Meyi, kenako K12,000 yonseyo nkubereka K2,400 mu Juni, pamodzi K4,400. K10,000 ya mu Meyi nayo ikanabereka K2,000 mu Juni. Phatikizani, mupeza K6,400. Ndi nambala yomweyomwe ija ya kusiyana pa miyezi itatu, K86,400 kuchotsa K80,000. Sikuti zangochitika mwangozi ayi, kompaundi ndiye kutanthauza kwake kumeneko, munthu amene wasunga chiwongoladzanja cha gulu m'thumba mwake ali ngati wabwerekanso ndalamayo kachiwiri, ndiye akulipira zomwe wobwereka wina akanalipira. Amene amabweretsa K10,000 yake mwezi ndi mwezi mokhulupirika angadandaule ndithu ataona mnzake yemwe sabweretsa kanthu mpaka mwezi wachitatu akulipira chimodzimodzi.

Komanso bokosi lenilenilo limakula mwa njira yomweyi. Chomwe chimatisangalatsa mu Disembala, kuti sheya yomwe unagula K1,000 yabwera ndi phindu looneka, ndi chifukwa choti ndalama imabwera nkutulukanso, kubwera nkutulukanso, ana akubereka ana. Ndiye sitingamakonde kompaundi pogawana nkumadana naye pobweza. Ndipo ndi mmene kwacha imagwera, mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi magulu ambiri atatsala pang'ono kugawana, sindingadzudzule gulu lomwe likufuna kuti ndalama yake ithamange.

Pali chinanso chomwe anthu okonda simpo samachiona. Njira yowerengera pa balansi ija imapweteka amene sakubweza, koma imakomera amene akubweza. Tiyerekeze kuti mayi yemweyu zinthu zinayenda bwino, mu Epulo wabweretsa K30,000. Pa K60,000 patsala K30,000, ndiye mu Meyi 20 peresenti ndi K6,000 yokha, atseka ngongole ndi K36,000. Koma kuli magulu ena omwe amati ife chiwongoladzanja chathu sichisintha, ndi K10,000 mwezi uliwonse mpaka utamaliza, ndipo amazitcha kuti nzachifundo poti sizibereka. Kumeneko mayiyu mu Meyi alipira K40,000, akulipirira chiwongoladzanja pa ndalama yomwe anabweza kale, yomwe mwinanso ili m'manja mwa membala wina ikuberekanso. Chimenecho nachonso sichilungamo. Ndiye musangomva kuti kwathu kuno ndi simpo nkuganiza kuti mwapeza pabwino, funsani kuti nanga ndikabweza theka, mwezi wamawa muwerengera pati.

Chinsinsi chake chonse chagona pa K10,000 ija. Ngati mwezi uliwonse mukubweretsa chiwongoladzanja chonse, ngakhale mutapanda kukhudza mbuzi yaikazi ija, K50,000 yomwe munatenga, simpo ndi kompaundi ndi chinthu chimodzi, balansi imabwerera pa K50,000 mwezi ndi mwezi, palibe mwana wotsala m'khola woti abereke. Kompaundi amadya chiwongoladzanja chosalipidwa basi, alibenso chakudya china. Mukabweretsa K4,000 yokha mu Epulo, K6,000 yotsalayo ilowa mu ngongole, balansi K56,000, ndipo mu Meyi chiwongoladzanja chikhala K11,200 osati K10,000. Ndiye ngati muli pa ngongole panopa ndipo zinthu zavuta, ndalama yoyamba kuisaka ndi ya chiwongoladzanja cha mwezi uno, ngakhale kuitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kwa mnzanu akakuperekereni pamsonkhano muli kuchipatala komweko. Mayi athu aja akanadziwa zimenezi, ndikhulupirira abale awo akanasonkha teni teni ija, sizikanafika pomwe zinafika. Iwo amaganiza kuti kaya ndilipira lero kaya mu Seputembala ndi K10,000 yomweyo pamwezi, nanga kuthamangiranji mwana ali pa bedi.

Tsopano chifukwa chomwe ndikunenera kuti pakatha miyezi itatu ana aleke kubereka.

Choyamba, mfundo ija yoti ndalama ikanakhala ikugwira ntchito kwa wina ili ndi malire. Imagwira miyezi yomwe anthu akulimbirana ngongole. Koma aliyense amene anakhalapo mu gulu akudziwa kuti kuyambira cha mu Seputembala bokosi limayamba kulemera, ndalama zachuluka kuposa ofuna kubwereka, mpaka magulu ena amachita kukakamiza mamembala kuti aliyense atengeko ngongole afune asafune, ndipo chakumapeto timasiyiratu kubwereketsa kuti zonse zibwerere tisanagawane. Miyezi imeneyo K10,000 ya mayi uja ikanabwera ikanangogona m'bokosi pansi pa bedi la a msungichuma. Ndiye gulu likamamulipiritsa ngati kuti ndalamayo ikanabereka, likumulipiritsa phindu lomwe silikanapezeka kwina kulikonse. Ndipo mwatsoka ndi miyezi yomweyi pomwe kompaundi amaluma kwambiri, kuchoka mu Okutobala kufika mu Novembala kokha ngongole ija imakwera ndi ndalama yoposa K35,000, mwezi umodzi.

Chachiwiri ndi choti palibe geni ya pamsika yomwe ingathamange liwiro limenelo kwa nthawi yaitali. Pa simpo wa 20 peresenti ngongole imafika pawiri pakatha miyezi isanu. Pa kompaundi imakhala itadutsa kale pawiri pa mwezi wachinayi, ndipo pa mwezi wa eyiti yadutsa kanayi. Mukaisiya chaka chathunthu K50,000 ija imafika pafupifupi K446,000, pomwe pa simpo ndi K170,000. Kubanki akamanena peresenti amanena ya pachaka, ife timanena ya pamwezi, ndiye 20 wathuyu amamveka ngati wamng'ono koma pachaka ndi 240 peresenti ana asakubereka, ndipo ana akamabereka ikuyandikira 800 peresenti. Usipa ungapindule 20 peresenti pa ulendo umodzi wabwino, inde, nthawi zina kuposa. Koma beseni ndi lomwe lija, msika ndi womwe uja, makasitomala ndi omwe aja, sungati poti ngongole yafika pawiri ndiye mwezi uno ndigulitsa usipa wochuluka kawiri. Ngongole imakula mochulukitsa pomwe geni imakula mophatikiza, ikamakula nkomwe. Munthu amene walephera K60,000 mu Epulo sangakwanitse K149,300 mu Seputembala pokhapokha agulitse katundu, ndipo ndi zomwe timaziona, gulu kupita pakhomo pa munthu kukatenga matilesi, njinga, mapoto, mwinanso kukazula malata, ena mpaka kuthawa mudzi usiku kusiya ana ndi agogo awo. Zambiri mwa ngongole zimenezo mukazifufuza, ndalama yomwe munthu anaigwira m'manja ndi yochepa, zinazo zinabadwira m'buku.

Ena amati vuto ndi 20 peresentiyo, tsitsani ikhale 10. Zimathandiza ndithu, ndipo magulu ambiri ali pa 10. Pa K50,000 yomweyo miyezi itatu ndi K65,000 pa simpo ndi K66,550 pa kompaundi, kusiyana kwake sikungakanganitse anthu. Koma mpaka Disembala ndi K95,000 ndi pafupifupi K117,900, ndiye funso lija la peresenti ya chani silinachoke, langochedwa kufika.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chomwe chinandikhudza kwambiri tsiku lija, tiyeni tione kuti K39,300 imeneyi ikupita kwa ndani. Tinalipo anthu 20 m'gulu. Mukaigawa mofanana ndi ndalama yosakwana K2,000 pa munthu, ya sopo ndi mchere. Kwa mayi uja inali mbuzi ina yotsala ija, kapena fizi ya mwana. Komanso sitigawana mofanana, timagawana potengera masheya, ndiye gawo lalikulu limapita kwa omwe amagula masheya asanu sabata iliyonse, aphunzitsi, eni magolosale, anthu omwe nthawi zambiri sabwereka nkomwe kapena akabwereka amabweza mwezi womwewo. Sindikuwanena, ndalama zawo ndi zomwe zimadzaza bokosi ndipo popanda iwo ngongole sizikanapezeka. Koma tivomereze kuti kompaundi wa ngongole yochedwa amasamutsa ndalama kuchoka kwa membala amene wagwa m'mavuto kupita kwa amene zikumuyendera, ndipo amasamutsa zambiri pomwe mavutowo atalika. Njira imeneyi ya magulu osunga ndi kubwereketsa, yomwe bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991 isanafalikire kuno, inapangidwa ndi ngongole zazifupi komanso kugawana kumapeto kwa nyengo, ndipo muli thumba lapadera la mavuto lomwe timasonkha sabata ndi sabata lothandiza pa matenda ndi maliro. Ife tinapatsa mayiwa K5,000 ya m'thumba limenelo mwana atagonekedwa, tinapitanso kukazonda. Dzanja limodzi likupereka K5,000, linalo likulemba K39,300 m'buku, ndipo panalibe amene anaziona chifukwa manambala amakhala pa tsamba lomwe amaliona ndi mlembi yekha.

Ndikudziwa yankho lomwe limabwera apa, ndinalimva tsiku lomwelo kuchokera kwa bambo wina wa masheya ambiri. Anati, "A Tcheya, tikayamba kumvera chisoni aliyense bokosili litha, mawa wina adzanama kuti kwathu kunali maliro." Mantha amenewa ndi oona, magulu ambiri anafa chifukwa cha kulekerera. Koma taonani, sindikunena kuti ngongole ikhululukidwe kapena chiwongoladzanja chiime. Mayi uja, K50,000 ija, apitirize kubereka K10,000 mwezi uliwonse mpaka ngongole ithe, chimenecho ndi chilango chokwanira kale, palibe munthu wanzeru amene angasunge dala ngongole yomwe ikumudya teni sauzande pamwezi. Ndikungoti ana asiye kubereka. Ndipo wonama uja kompaundi samuopsa, amene wakonzeka kuthawa ndi K80,000 athawanso ndi K150,000, mwinanso msanga. Amene kompaundi amamugwira ndi wokhulupirika amene wabwera yekha ndi ndalama pakansalu.

Mungadziwe bwanji kuti gulu lanu likuwerengera njira iti? Osafunsa kuti ndi simpo kapena kompaundi, alembi ambiri mawu amenewa sawagwiritsa ntchito ndipo ine ndemwe zaka ziwiri zoyamba ndimalemba kompaundi osamutchula dzina. Funsani chonchi, tsiku lotenga ndalama, pamaso pa onse: ndikapanda kubweretsa kalikonse mwezi wamawa, mwezi winawo mudzandiuza zingati? Ngati mwatenga K50,000 pa 20 peresenti ndipo ayankha K70,000, ana sabereka. Akati K72,000, akubereka. Kenako funsani lachiwiri lija, ndikabweza theka muwerengera pati. Kapena yang'anani tsamba la wina amene anachedwapo, ngati chiwongoladzanja chikulembedwa nambala yomweyomweyo mwezi ndi mwezi ndi simpo, ngati chikukwera munthu asanatengenso ndalama ina ndi kompaundi. Pa kakyuleta ya pafoni nzosavuta, pa 20 peresenti mumangochulukitsa ndi 1.2 kamodzi pa mwezi uliwonse, miyezi itatu ndi `50000 × 1.2 × 1.2 × 1.2`, ndipo pa 10 peresenti mumachulukitsa ndi 1.1. Chitani zimenezi mpaka mwezi wogawana, muione nambalayo ndi maso anu musanasaine.

Kwa alembi anzanga, vuto lalikulu ndi kalembedwe ka buku. Tikakhala ndi danga limodzi lolembamo balansi, kompaundi amalowa yekha popanda wina kumuitana, chifukwa mwezi wamawa diso limangogwera pa nambala yomaliza. Dulani mizere iwiri, wina wa ndalama yomwe munthu anatenga yomwe yatsala, wina wa chiwongoladzanja chomwe sanalipire. Munthu akabweretsa ndalama iyambe yatseka mzere wachiwiriwo, yotsala ichepetse woyamba. Mukatero gulu litha kusankha lokha kuti 20 peresenti igwere mzere woyamba wokha kapena yonse iwiri, ndipo mpaka liti, koma likhale litasankha, osati kope kusankhira anthu.

Za mayi aja tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ena atayamba kale kudandaula za kukaphika. A Tcheya anapempha kuti aliyense alankhule, ndipo pamapeto tinagwirizana pakati. Miyezi itatu yoyamba tinaisiya mmene buku linalembera, K86,400, poti ndi mmene ena onse ochedwa m'mbuyomo analipirira ndipo sitikanatha kuwabwezera. Miyezi itatu inayo tinawerengera K10,000 pamwezi pa ndalama yomwe anatenga basi. Zonse zinakwana K116,400. Anapereka K110,000 ija, yotsala K6,400 tinaimika kuti isaberekenso ndipo anamaliza patatha masabata awiri. Tsiku lomwelo tinawonjezera mizere itatu pa malamulo kumapeto kwa kope: kuti chiwongoladzanja chiwerengedwa pa balansi kwa miyezi itatu, kuti ikadutsa chiwerengedwa pa ndalama yotengedwa yomwe yatsala yokha, ndi kuti mlembi aziwerengera wobwereka mokweza zomwe adzalipire mwezi woyamba, wachiwiri ndi wachitatu asanalandire ndalama. Anthu 17 anakweza manja, atatu anakana, ndipo mmodzi mwa atatuwo anatuluka m'gulu titagawana mu Disembala. Mayi a usipa aja alipobe, chaka chotsatira anasankhidwa kukhala mmodzi mwa owerenga ndalama.